Mafunso ndi mayankho: kalata yopempha kampani ya kubetcha kuti itseke akaunti yanu ndi kukuletsani mpaka kalekale

Anthu ambiri amene atopa ndi kubetcha amauza kampani kuti "nditsekereni akaunti", kenako pakatha mlungu umodzi amapezeka ayambiranso pa akaunti yomweyo. Nthawi zambiri chimene chinalakwika ndi pempho lenilenilo: anapempha chinthu chosavuta kubweza. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza kalata imene imapempha chinthu cholimba, choti ngakhale inu eni ake musathe kuchisintha tsiku limene chibaba chakugwirani.

Kodi kutseka akaunti n'kosiyana bwanji ndi kudziletsa?

Kutseka akaunti ndi ntchito wamba ya ofesi yothandiza makasitomala. Munthu amatha kutseka chifukwa chakuti wapeza kampani ina yopereka bonasi yabwino, kapena wakwiya kuti ndalama zake zinachedwa. Kampani imadziwa kuti munthu wotereyo akhoza kubwerera, choncho ikalandira uthenga wake woti wasintha maganizo imamutsegulira msanga, nthawi zina tsiku lomwelo. Imapitirizanso kumutumizira mauthenga otsatsa malonda.

Kudziletsa ndi kuuza kampani kuti juga ikukuwonongani, ndipo isakuloleni kubetcha ngakhale mutadzapempha nokha. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu amene wakhoma chitseko kiyi n'kumuika m'thumba mwake, ndi amene wakhoma n'kupereka kiyiyo kwa wina amene wamulumbiritsa kuti asadzamubwezere. Pa tsamba kapena pa apu ya kampani, njira imeneyi imalembedwa kuti `Self-Exclusion`, ndipo kawirikawiri imakhala pansi pa mutu wakuti `Responsible Gaming` kapena `Responsible Gambling`. Pamalo omwewo mumapezekanso `Time-Out` kapena `Cooling-Off`. Zimenezo n'zongopumira kwa tsiku limodzi, mlungu kapena mwezi, ndipo nthawiyo ikatha akaunti imatseguka yokha. Ngati mwatsimikiza zosiya, zimenezo si zanu.

Ngati pa apu pali batani lodziletsera, kalata ndi yachiyaninso?

Batanilo lidineni lero lomwe, musadikire kalata. Koma lili ndi malire. Likhoza kugwira akaunti imodzi yokha imene mwalowamo, pomwe inu mwina muli ndi ziwiri, ina pa nambala ya Airtel ina pa ya TNM. Limakupatsani nthawi zimene kampani inasankha kale, monga miyezi 6 kapena chaka, ndipo "mpaka kalekale" mwina palibepo. Choopsa china n'chakuti akaunti ikatsekeka simuthanso kulowamo kuti muone mbiri ya ndalama zanu, choncho mumatsala opanda umboni.

Kuimba foni kuli ndi vuto lofananalo. Amene wakuyankhani akhoza kukhala waulemu, koma mawu apakamwa sasiya chizindikiro m'manja mwanu. Kalata imakhala ndi deti, imatchula zimene munapempha, ndipo ndi imene mudzaonetse kwa oyang'anira makampaniwa ngati kampani idzalandirenso ndalama zanu pambuyo pake.

Kalatayo ilembedwe motani?

Ikhale yaifupi, tsamba limodzi, yopanda kudandaula za magemu amene anakuluzitsani. Tiyerekeze bambo wina wa ku Lilongwe amene ali ndi akaunti ziwiri ku kampani imodzi. Yoyamba anatsegula ndi nambala imene amalandirira ndalama pa Airtel Money, yachiwiri ndi nambala ya Mpamba pamene ankafuna bonasi ya olembetsa kumene. Mu akaunti yoyamba mwatsala K46,500, muli bonasi ya K10,000, komanso tikiti ya K5,000 ya magemu a Loweruka imene sinathe. Kalata yake ikhoza kukhala motere:

> Kwa mkulu woona za makasitomala,
>
> PEMPHO LOTSEKA AKAUNTI NDI KUNDILETSA KUBETCHA MPAKA KALEKALE
>
> Bwana,
>
> Ine ……… , wobadwa pa ……… , nambala ya chiphaso cha unzika ……… , ndili ndi akaunti ziwiri ku kampani yanu, pa manambala a foni awa: ……… ndi ……… .
>
> Kubetcha kwandifika poti sindikutha kudzigwira, ndipo kukuwononga chuma ndi banja langa. Pa chifukwa chimenechi ndikupempha kuti kuyambira lero mutseke akaunti zonse ziwiri ndi kundiletsa mpaka kalekale kubetcha kwa mtundu uliwonse ku kampani yanu: mpira, kandege, kasino ndi masewera ena onse, kaya pa intaneti, pa foni kapena m'mashopu anu. Chiletsochi chikhudzenso makampani ena onse amene ali pansi pa eni ake omwewo.
>
> Musadzatsegulenso akaunti zimenezi ngakhale nditapempha ndekha, ndipo musandilole kutsegula yatsopano ndi dzina langa, chiphaso changa kapena nambala ina.
>
> Ndalama zotsala, K46,500, muzitumize ku nambala yoyamba ija. Tikiti nambala ……… ikatha, ngati pali chilichonse chotuluka muchitumizenso komweko popanda kutsegula akaunti. Bonasi sindikuifuna.
>
> Lekani kunditumizira mauthenga otsatsa malonda pa foni, pa imelo ndi kwina kulikonse.
>
> Ndiyankheni polemba pasanathe masiku 7, kunditsimikizira tsiku limene chiletsochi chayamba, kuti ndi cha mpaka kalekale, ndi nambala ya pempho langa.
>
> Ndine,
> ………

Mizere iwiri ndi imene ikusenza kalata yonseyi: wotchula chifukwa, ndi woletsa kudzatsegulanso. Ngati mukufupikitsa, fupikitsani kwina, imeneyi isachoke. Ndipo musalembemo nambala yanu yachinsinsi, kaya ya akaunti kapena ya Airtel Money ndi Mpamba. Palibe wogwira ntchito ku kampani amene akuifuna kuti atseke akaunti, ndipo aliyense amene wakufunsani nambalayo pa foni ndi wakuba.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chinenero chimene mungathe kunena bwino zimene mukufuna. Makampani amene ali ndi ofesi ku Malawi kuno ali ndi antchito odziwa Chichewa. Komabe imelo imayamba yasankhidwa poyang'ana mutu wake, ndipo nthawi zina amene amaona nkhani zoterezi amakhala kunja kwa dziko. Choncho pa mutu wa imelo lembani mawu awa ndendende, kenako nambala ya akaunti:

```
Permanent self-exclusion request
```

Mawu amenewa amachititsa kuti imeloyo isaikidwe pamodzi ndi ya anthu ongofuna kutseka akaunti wamba.

Kodi ndiyeneradi kulemba kuti ndili ndi vuto? Zikundichititsa manyazi.

Manyaziwo ndi omveka, koma inde, lembani. Ambiri amalemba kuti "ndatanganidwa" kapena "ndikufuna kupuma kaye" pofuna kudzisungira ulemu, ndipo kampani imatenga mawuwo monga momwe alili. Munthu wotanganidwa amadzapeza mpata, choncho pempho lake limaikidwa m'gulu la zotsekedwa wamba. Mukatchula poyera kuti juga ikukupwetekani, nkhani imasintha, chifukwa kampani imene yauzidwa zimenezi polemba n'kupitiriza kulandira ndalama zanu imakhala ndi funso lovuta kuyankha kwa amene anaipatsa chiphaso.

Simukuyenera kufotokoza za ngongole ya katapila, za fizi ya ana imene inapita kapena za mkangano wa kunyumba. Chiganizo chimodzi n'chokwanira. Amene adzawerenge kalatayo sakudziwani, ndipo si yoyamba ya mtundu umenewu kufika patebulo pake.

Nditape kaye ndalama zotsala, kapena nditumize kaye kalata?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tiyeni tipite pang'onopang'ono. Bambo wa m'chitsanzo uja akalowa mu akaunti kuti atape K46,500 yake, amaona magemu a usiku womwewo pa tsamba loyamba, amaonanso bonasi ya K10,000 imene singatapike. Bonasi imakhala ndi lamulo lakuti uibetche kaye, mwina kangapo, isanasanduke ndalama zenizeni. Maganizo amabwera akuti "ndingoimaliza bonasiyi basi, si ndalama zanga". Bonasi ikatha, dzanja limapita pa K46,500 ija.

Njira yabwino ndi iyi. Lowani kamodzi kokha, makamaka masana, pali munthu wina pambali panu. Jambulani sikirini yoonetsa ndalama zotsala, matikiti osatha, nambala ya akaunti ndi mbiri ya ndalama zimene munaika ndi kutapa. Dinani potapa ndalama nthawi yomweyo, kenako dinani `Self-Exclusion`, kenako tumizani kalata musanadzuke pampando. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti kulowa kokha kukugwetsani, musalowe n'komwe: tumizani kalata, ndipo ndalamazo azitumize okha monga mwapemphera.

Bonasi ilekeni ipite. Tikiti yosatha musaidikire, chifukwa kudikira Loweruka ndiko kukhalabe mu juga mpaka Loweruka, ndipo ikawina mudzafuna kupitiriza, ikaluza mudzafuna kubweza. Malamulo a makampani amasiyana pa tikiti yotereyi: ena amaisiya ithe n'kulipira, ena amaifafaniza n'kubweza ndalama imene munaika. Zonse ziwiri zili bwino bola zichitike akaunti ili yotseka.

Chinthu china chimene chimachedwetsa ndalama ndi dzina. Kampani isanalipire imatha kupempha chithunzi cha chiphaso chanu, ndipo ngati akaunti inatsegulidwa ndi simu yolembetsedwa m'dzina la mkazi wanu kapena mbale wanu, maina sagwirizana. Ngati zili choncho kwa inu, nenani zoona m'kalata momwemo, ndipo onjezani kuti chiletso chisadikire nkhani ya ndalama. Zinthu ziwirizi ziyende padera.

Kalatayo nditumize kuti, ndipo ndisunge umboni wotani?

Tumizani ku imelo imene yalembedwa pa tsamba lenileni la kampani, pamunsi kapena pa gawo la `Responsible Gaming`. Musadalire nambala ya WhatsApp imene mwaipeza m'gulu la ogawana matikiti. Mukatumiza, lowani pa macheza a makasitomala kapena imbani foni, muwauze kuti mwatumiza imelo nthawi yakuti, ndipo akupatseni nambala ya pempho. Jambulani macheza amenewo asanazimiririke.

Ngati kampani ili ndi ofesi kufupi nanu, sindikizani makalata awiri. Imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo ndi deti n'kubwerera nayo. Wogulitsa matikiti pa shopu kapena ejenti wa pamsika si woyenera kumusiyira kalatayi, popeza alibe mphamvu pa akaunti yanu, ndipo iye amadya pa kubetcha kwanu komweko. Umboni wonse muutumizenso kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, chifukwa foni imatha kutayika kapena kugulitsidwa.

Andiyankha kuti ndiyambe ndapuma mwezi umodzi, andipatsanso bonasi. Nditani?

Musakambirane nawo. Yankhani chiganizo chimodzi: "Sindikufuna kupuma, malire a ndalama kapena bonasi, ndikubwereza pempho langa la pa deti lakuti loti mundiletse mpaka kalekale." Yankho lawolo lisungeni bwino, chifukwa kupatsa bonasi munthu amene wangonena kuti juga ikumupweteka ndi chinthu chimene oyang'anira makampaniwa ayenera kuchiona.

Kuti mudziwe ngati chiletso chagwiradi, werengani mawu a yankho lawo mosamala. Likangonena kuti akaunti yatsekedwa ndipo "mukafuna kubwerera tiuzeni", ndiye kuti angotseka wamba. Yankho loyenera limatchula kudziletsa, tsiku loyambira ndi kutalika kwake. Chizindikiro china ndi mauthenga: ngati pakatha masiku angapo foni ikulirabe ndi za bonasi ya kumapeto kwa mlungu, dzina lanu silinachotsedwe pa mndandanda wa otsatsiridwa. Koma musayese chiletso poika ndalama "kuti muone ngati zikana". Zikalowa, mwayambiranso.

Akapanda kuyankha?

Masiku 7 aja akatha, tumizaninso kalata yomweyo, pamwamba pake mulembe deti limene munatumiza koyamba. Akakhalabe chete, kapena akapitiriza kulandira ndalama zanu, kadandauleni ku bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene ambiri amalitchula kuti MAGLA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 pophatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board, ndipo ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani a juga ndi malotale m'dziko muno. Pitani ndi kalata yanu, umboni wa tsiku lotumizira, mayankho awo ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa ndalama zimene zinalowa pambuyo pa kalatayo.

Izi zimathandiza pa kampani yokhala ndi chiphaso cha kuno. Masamba akunja opanda chiphaso, amene anthu amalipira kudzera kwa ejenti wa pa foni, alibe amene angawakakamize kuno. Alembereni ndithu, koma chitetezo chanu chenicheni chikhale kutchinga tsambalo pa foni.

Kodi ndiwauzenso kuti afufute zonse zokhudza ine?

Ayi, ngakhale mtima umafuna kuti dzina lanu lichokeretu kumeneko. Kampani imakuzindikirani ndi dzina, tsiku lobadwa, chiphaso ndi manambala a foni. Ikafufuta zimenezi, mukadzabwera kudzalembetsa miyezi itatu ikubwerayi mudzaoneka ngati kasitomala watsopano, ndipo adzakulandirani ndi bonasi. Chimene mukufuna n'chakuti asunge dzina lanu pa mndandanda wa oletsedwa, n'kulichotsa pa mndandanda wa otsatsiridwa malonda. Mukasintha nambala ya foni kapena imelo, auzeni kuti awonjezere yatsopanoyo pa chiletso.

Nanga "mpaka kalekale" imathekadi?

Zimadalira kampani ndi dziko. Makampani ena ali nayo njira yosatha, ena amalekeza pa zaka zingapo. Akakuuzani kuti yawo yaitali kwambiri ndi zaka 5, landirani imeneyo lero, ndipo pemphani kuti alembe zoti nthawiyo ikadzatha akaunti isadzatseguke yokha.

Amene muli ku Britain muli ndi njira yamphamvu kuposa kalata imodzi. Njirayo ndi GAMSTOP, ndondomeko yaulere yodziletsa kubetcha pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2020 kampani iliyonse ya juga ya pa intaneti yokhala ndi chiphaso cha Gambling Commission imayenera kukhalamo. Mukalembetsa kamodzi, mwasankha miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5, makampani onsewo amakukanani, ndipo simungachotse chiletso nthawi isanakwane. Mabanki ambiri kumeneko alinso ndi batani loletsa khadi kulipira juga, ndipo foni yaulere ya National Gambling Helpline ndi 0808 8020 133. Ku South Africa, gawo 14 la National Gambling Act ya 2004 limalola munthu kulembetsa kuti akhale woletsedwa, ndipo pempho limadzera ku kampani kapena ku bungwe loona za juga la chigawo chimene mukukhala. South African Responsible Gambling Foundation imapereka uphungu waulere pa 0800 006 008.

Kalata imodzi ikwanira makampani onse?

Ayi. Kampani iliyonse imene munalembetsako ilandire yakeyake, ngakhale imene munabetchako kamodzi kokha chaka chatha, chifukwa yaikulu ikatsekeka ndi kumeneko kumene mudzathamangire. Njira yosavuta yozikumbukira zonse ndi kuyang'ana mauthenga akale a ndalama za pa foni: dzina lililonse la kampani limene ndalama zinapitako lilembeni papepala, ndipo makalata onse apite tsiku limodzi.

Pali zimene kalata singathe, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Pa shopu kapena pa kiyosiki pamene munthu amagula tikiti ndi ndalama zapamanja, nthawi zambiri palibe amene amafunsa dzina. Mukhozanso kubwereka foni ya mnzanu. Mipata imeneyi imatsekedwa ndi anthu: kuuza anzanu obetcha nawo kuti asakubwerekeni akaunti, kutuluka m'magulu a matikiti, ndi kusintha njira yochokera kuntchito ngati imadutsa pa shopu. Pa foni ikanipo pulogalamu yotchinga masamba a juga. BetBlocker ndi yaulere, ndipo mukasankha nthawi yotchinga simungaifupikitse.

Kodi adzandibwezera ndalama zimene ndinaluza kale?

Zimene munaluza musanatumize kalata musaziyembekezere, ndipo musasakanize pempho limeneli ndi la chiletso, chifukwa limasandutsa kalata kukhala mkangano wa ndalama umene ungatenge miyezi akaunti ili yotsegula. Ndalama zimene kampani yalandira pambuyo poti yatsimikiza chiletso ndi nkhani ina, ndipo mukhoza kuidandaula ndi umboni. Dziwaninso kuti malamulo a makampani ambiri amanena kuti munthu woletsedwa akazemba n'kutsegula akaunti ina, zimene wawina sizilipiridwa. Ndiye kuti wozemba akaluza waluza, akawina sapatsidwa.

Ndine mkazi wake. Kodi ndingawalembere ine kalatayi?

Mukhoza kuuza kampani nkhawa yanu, ndipo ena amaunika akauntiyo akalandira uthenga wotere, koma kawirikawiri sangakuuzeni chilichonse chokhudza akaunti ya munthu wina, ndipo kudziletsa kumafuna pempho la mwini wake. Musalembe ngati kuti ndinu iwowo kapena kusaina dzina lawo. Zikadziwika, chiletso chikhoza kugwa, ndipo kukhulupirirana m'nyumba kumagwa nacho limodzi.

Chimene chimathandiza ndi kukonzeratu kalatayo, mipata yokha n'kuisiya, kuti tsiku limene bambo anena okha kuti atopa, musainire pamodzi n'kutumiza ola lomwelo. Mtima wofuna kusiya umabwera kawirikawiri m'mawa wotsatira kuluza kwakukulu, ndipo sukhalitsa. Zinthu ziwiri n'zosiyana ndi zimenezi. Ngati akaunti ili pa simu yolembetsedwa m'dzina lanu, lembani nokha monga mwini nambala. Ngati wobetchayo ndi mwana wosakwana zaka 18, dziwitsani kampani ndi MAGLA mwamsanga, chifukwa sayenera kukhala ndi akaunti n'komwe. Ku South Africa, lamulo lija limalolanso wachibale amene amadalira munthuyo pa chuma kupempha khoti kuti limuike pa mndandanda wa oletsedwa.

Kalata yapita. Chotsatira n'chiyani?

Chibaba sichitha chifukwa cha kalata, ndipo chimakula kwambiri pa nthawi ziwiri: tsiku la malipiro, ndi Loweruka masana mpira wa ku Ulaya ukayamba. Konzekerani nthawi zimenezi zisanafike. Malipiro akangolowa, lipirani lendi, fizi ndi chakudya tsiku lomwelo, zotsalazo musazisiye pa foni, zipite kwa munthu amene mwagwirizana naye kapena ku akaunti imene simungatape usiku. Ngongole za katapila ndi za ku banki mkhonde zilembeni zonse papepala limodzi n'kukambirana ndi eni ake za kabwezedwe, chifukwa ngongole yobisa ndi imene imanong'oneza kuti tikiti imodzi yabwino ithetsa zonse.

Ngati tulo sitikubwera, mtima ukungogunda, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka chifukwa cha zimene munaluza, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amaperekanso uphungu kwa anthu amene akodwa m'zizolowezi zovuta kusiya. Popita kumeneko tengani pepala la ngongole lija ndi kalata yanu, kuti mlangizi aone pamene mwafika ndi pamene payenera kuyambira.